Hotela Yanu Yadzaza Koma Ndalama Sizikuoneka? Vuto Lili pa Mtengo wa Chipinda

[Kamera pa wofotokoza]

Hotela ya zipinda 20 ikhoza kugoneka alendo m'zipinda 17 usiku wa lero n'kupeza phindu lochepa kuposa dzulo pamene inagoneka m'zipinda 12 zokha. Mwamva bwino, sindinaphonye. Ndikuonetsani masamu ake pa sikirini pompano. Moni nonse, makamaka inu amene muli ndi hotela yaing'ono kapena loji, ndi inu mamanijala amene abwana amakufunsani m'mawa uliwonse kuti, "Usiku tinadzaza?" Ngati ndinu atsopano pano, dinani batani lolembedwa Subscribe, tiyambe.

Zoyambira ndizithamangira chifukwa ambiri mukuzidziwa. Chipinda chimene chagona chopanda munthu usiku wa lero simungachisunge kuti mudzachigulitse kawiri mawa. Usiku umenewo wapita basi. Makampani a ndege ndiwo anayamba kusinthasintha mitengo potengera zimenezi, makamaka American Airlines mu 1985, kenako mahotela akuluakulu monga Marriott anatengera nzeruyo. Manambala ofunika ndi atatu. Loyamba ndi kudzaza: zipinda zogulidwa pa zipinda zonse. Lachiwiri ndi mtengo wapakati wa zipinda zimene zagulidwa, umene pa malipoti a pakompyuta umalembedwa ADR. Lachitatu limalembedwa RevPAR, ndipo limagawa ndalama za usikuwo pa zipinda zonse, kuphatikizapo zopanda anthu.

[Pa sikirini]

```
RevPAR = ndalama za zipinda / zipinda zonse
```

Tapita. Tsopano masitepe.

Sitepe 1: nyengo. Tengani buku la alendo la chaka chatha, kapena la zaka ziwiri ngati lilipo, mugawe chaka patatu: nyengo ya alendo ambiri, yapakati, ndi yowuma. Nyengo iliyonse ikhale ndi mtengo wake woyambira. Muzigawa ndi masabata, osati miyezi, chifukwa mwezi umodzi ukhoza kuyamba wowuma n'kutha wodzaza. Chenjerani ndi maholide oyendayenda. Pasaka amagwa tsiku lililonse pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo Idi imabwera mofulumirirapo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mukangokopera kalendala ya chaka chatha, mtengo wokwera mudzauika pa sabata yopanda anthu.

Sitepe 2: masiku a sabata. Hotela ya anthu obwera ku ntchito nthawi zambiri imadzaza Lachiwiri ndi Lachitatu, Lamulungu n'kukhala zii. Ya anthu odzapumula imadzaza Lachisanu ndi Loweruka. Yanu ndi iti? Buku likuuzani. Poyerekeza ndi chaka chatha, bwererani masiku 364, osati 365, kuti Lachiwiri likumane ndi Lachiwiri linzake.

Sitepe 3. Apa ndiye khalani pansi, chifukwa pali bodza limene limandiwawa kwambiri, ndipo ndi lofala moti anthu amalinena ngati lamulo. Amati: "Chipinda chopanda munthu ndi ndalama yotayika, ndiye tsitsa mtengo mpaka hotela idzaze." Theka loyamba ndi loona. Theka lachiwiri ndi limene likudya phindu la mahotela ang'onoang'ono.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Manambala awa ndi achitsanzo, ikanipo ndalama imene mumagwiritsa ntchito kwanuko. Zipinda zilipo 20, mtengo ndi 100. Lachiwiri la nyengo yapakati mumagulitsa zipinda 12. Ndalama zolowa ndi 1,200. Koma mlendo aliyense akagona, pali zimene mumawononga zomwe simukanawononga chipindacho chikanakhala chotseka: kuchapa nsalu zapabedi ndi matawulo, sopo, madzi otentha, magetsi, kadzutsa. Tinene kuti zonsezi zimakwana 25 pa chipinda. Zipinda 12 ndiye kuti 300. Mwatsala ndi 900, ndipo m'menemo ndi mochokera malipiro a antchito, lendi ndi ngongole ya kubanki.

Ndiye mwini hotela akuona zipinda 8 zotseka, mtima wamupweteka, watsitsa mtengo kufika pa 70. Alendo achulukadi, zipinda 17 zagulidwa. Kudzaza kwachoka pa 60 peresenti kufika pa 85 peresenti. Pa risepishoni pali piringupiringu, aliyense akusangalala. Koma tawerengani: zipinda 17 pa 70 ndi 1,190. Zachepa kale ndi 10 poyerekeza ndi poyamba paja, tisanachotse chilichonse. Zowonongera alendo zakwera kufika pa 425. Mwatsala ndi 765.

[Pa sikirini: 900 ndi 765]

Muone bwino manambala awiriwa. Antchito achapa zambiri, akonza zipinda zisanu zowonjezera, aphika kadzutsa wambiri, inu mwataya 135 usiku umodzi. Ndipo ngati alendo asanu atsopanowo abwera kudzera pa mawebusayiti obukitsira zipinda, amene ambiri amadula komishoni ya pafupifupi 15 peresenti, chotsaninso 52 ndi theka.

Ndalamayo yathawira kuti? Yapita kwa alendo 12 aja. Anthu amenewo anali okonzeka kulipira 100. Sanapemphe kuchotseredwa, sanadandaule. Inu mwawabwezera 30 aliyense, yonse pamodzi 360, kuti mukope anthu asanu amene phindu lawo ndi 45 aliyense, kutanthauza 225. Mwapereka 360 kuti mulandire 225. Pa mtengo wa 70, kuti mungobwerera pa 900 paja, mukufunika kugulitsa zipinda 20, hotela yonse, osatsala ngakhale chimodzi. Ngati mukufuna kuimitsa vidiyoyi kuti muwerenge nokha, imitsani, ndikudikirani.

Ndikudziwa kuti wina akulemba kale pansipa kuti, "Achimwene, kwathu tikatsitsa anthu amabweradi." Inde amabwera, koma dzifunseni kuti akuchokera kuti. Munthu amene alibe ulendo Lachiwiri sanyamuka kunyumba kwake chifukwa choti chipinda chatchipa. Amene abwerawo ndi anthu oti anali kale pa ulendo, akanagona kwa anzanu apafupi. Anzanuwo akangoona, nawonso atsitsa. Pakatha sabata nonse muli pa 70, alendo abwerera m'magawo awo akale, inu muli ndi zipinda 12 zomwe zija pa mtengo wotsika: 840, kuchotsa 300, kutsala 540. Kutsitsa kumatenga mphindi imodzi, koma kubwezera mtengo pa 100 kumatenga nthawi, chifukwa kasitomala wanu wokhazikika waona kale kuti chipinda chomwechi chimatheka pa 70, ndipo azikukumbutsani ulendo uliwonse.

Kodi ndikunena kuti musamatsitse mtengo mpang'ono pomwe? Ayi. Ndikunena kuti musatsitsire aliyense. Mtengo wotsika uzikhala ndi mpanda, woti munthu wolipira 100 uja asafune kuulumpha. Mwachitsanzo, 80 kwa amene walipiriratu kudakali milungu itatu ndipo akalephera kubwera sabwezeredwa ndalama. Kapena 85 pa usiku kwa amene agone masiku atatu kapena kuposerapo. Munthu wa ntchito amene msonkhano wake ukhoza kusintha mawa sangatenge mtengo wosabwezedwawo, alipirabe 100. Banja limene linakonza ulendo kalekale liutenga. Komanso mlendo akafika usiku kwambiri, zipinda zilipo, n'kunena kuti ali ndi 70 yokha, mlandireni. Ameneyo akukusiyirani 45, ndipo palibe wina amene mwamutsitsira. Chofunika n'chakuti wa pa risepishoni adziwe malire apansi amene sayenera kudutsa, olembedwa papepala, osati ongoganizira.

Ndisanaiwale, masamu onsewa ndinawaika m'tebulo laulere, linki ili m'munsi mwa vidiyoyi. Mungolowetsa zipinda zanu ndi zowonongera zanu, likuuzani zipinda zimene muyenera kuwonjezera kuti kutsitsa kukupindulireni. Ndipo ngati nambala ya 765 ija yakudzidzimutsani, dinani Like, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Sitepe 4: kukweza pamene hotela ikudzaza. Bodza lija lili ndi mphwake, yemwe ndi kunyadira kuti, "Loweruka la mwezi wamawa tadzaza kale!" Ngati zipinda zonse zatha kudakali masiku 30, ndiye kuti munagulitsa motchipa. Anthu obukitsa mochedwa nthawi zambiri sakhala ndi kosankha kwambiri, ndipo akanalipira zambiri, koma inu mulibe chowapatsa. Ndiye pangani makwerero. Pa zipinda 20, zoyamba 10 zipite pa mtengo woyambira. Kuchokera pa 11 mpaka 14 wonjezerani 10 peresenti, pa 15 mpaka 17 wonjezerani 20 peresenti, zitatu zomaliza 35 peresenti. Amenewa ndi poyambira chabe, muziwasintha malinga ndi zimene mukuona. Koma makwerero okha sakwanira popanda nthawi. Zipinda 10 zobukitsidwa kutatsala masiku 30 ndi nkhani yabwino, pomwe zipinda 10 kutatsala tsiku limodzi ndi nkhani ina. Choncho tsiku limodzi pa sabata lembani kuti pa usiku uliwonse ukubwerawu zipinda zingati zabukitsidwa kutatsala masiku 30, 14 ndi 7. Ngati Loweruka lanu limakhala ndi zipinda 8 kutatsala masiku 14, koma ulendo uno zili 13, kwezani lero, musadikire kudziwa chifukwa chake. Mwina kuli ukwati waukulu kapena msonkhano umene simunaumve.

Sitepe 5, yaifupi. Loweruka likamadzaza lokha, Lachisanu n'kumatsala zipinda, ikani lamulo loti wofuna Loweruka agone masiku awiri. Munthu wa usiku umodzi wolipira 130 akakutengerani chipinda chomaliza, mubweza wa masiku awiri amene akanalipira 240. Kukatsala masiku atatu zipinda zikadalipo, chotsani lamulolo mugulitse usiku umodziumodzi.

Panali sitepe 6 ya magulu ndi makampani amene amapempha mtengo wapadera chaka chonse, koma imeneyo ndi yaitali, ikhala vidiyo ya sabata yamawa. Pakadali pano ndilembereni pansipa: hotela yanu ili ndi zipinda zingati, ndipo mlendo mmodzi akagona mumawononga zingati? Ngati simunawerengepo, yambani ndi bilu ya zochapa ndi ya kadzutsa ya mwezi watha, mugawe ndi zipinda zimene munagulitsa mwezi umenewo. Ndidzasankha mahotela awiri tidzawawerengere limodzi pa sikirini. Tionana sabata yamawa.