Phindu likuthawira kuti pa geni ya ku Chipata?

"Zikomo aulutsi. Ndine mayi wa ku Kawale, ndimakapikula mabisiketi ku Chipata. Makatoni 20 ndimagula pa K27,000 iliyonse tikasintha ndalama, kuno ndimagulitsa pa K38,000. Ndikachotsa thiransipoti K40,000 ndi msonkho wa pa boda K90,000, ndimayenera kutsala ndi K90,000. Koma ndikabwereranso, ndalama sizikwana makatoni 20 aja. Anzanga akuti wina akundiseweretsa chitaka. Ndithandizeni."

Zikomo mayi polembera pulogalamu yanu ino. Za chitakazo tiziike kaye pambali, titenge cholembera.

Masamu anuwo ndi olondola, koma mwangowerengera ndalama zikuluzikulu zimene mumazikumbukira. Kodi kondakitala amanyamula makatoni 20 ulele? Tinene kuti amakutchajani K1,000 pa katoni, ndiye K20,000. Anyamata okweza ndi kutsitsa, wakabaza, nsima ya masana ndi mayunitsi, tiikepo K15,000. Ndiye mabisiketi ndi katundu wosachedwa kudandaula: katoni imene inali pansi, wina n'kuikhalira kuyambira ku Mchinji mpaka ku Lilongwe, mumaigulitsa theka la mtengo, K19,000 yapita. Pa K90,000 ija patsala K36,000. Manambalawa ndangoyerekeza, inu muikepo anu enieni, koma mwaona kale kumene madzi akudonthera.

Tsopano pamene pagona nkhani. Inu mumagula ndi kwacha ya Zambia, n'kugulitsa ndi kwacha ya Malawi, ndipo pakati pa kugula ndi kubwereranso pamadutsa masabata. Ngati panthawiyo osintha ndalama akweza reti ndi K5 yokha pa K100 iliyonse, katundu amene munagula K540,000 tsopano afuna K567,000. Pa K36,000 ija chotsanipo K27,000, mwatsala ndi K9,000, komatu ku Chipata sanakweze mtengo ngakhale ngwee imodzi. Amene ankachita geni mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira bwino: anagulitsa katundu yense akumwetulira, atafika pa boda n'kupeza kuti mpamba wafota.

Choncho poika mtengo, musafunse kuti "ndinagula zingati?" Funsani kuti "ndikapita mawa ndikagula zingati?" Imbirani mnzanu wa pa boda kamodzi pa sabata akuuzeni reti, ndipo ikasuntha, mtengo wa makatoni otsala m'nyumba usunthenso tsiku lomwelo. Makasitomala adzadandaula, inde, koma iwo sakakuthandizani kupikula. Posinthapo, chulukitsani nokha pa foni yanu musanapereke ndalama, ndipo muziwerenge zili m'manja mwanu. Kakyuleta ya mwini wake imamvera mwini wake.

M'kalatamu simunatchule ngongole, koma ndikukayika ngati ku Kawale kuli wogulitsa amene sakongoza. Makatoni atatu okha a "ndikupatsani pa mapeto a mwezi" ndi K114,000 imene mulibe m'manja tsiku lonyamuka. Ngakhale adzabweze yonse, idzabwera reti itasintha kale. Ine ndikanati wokongola azilipira mtengo wokwererapo, kapena asatenge.

Pa msonkhopo, kaunikeni lisiti la MRA muone mizere yake. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, ndipo pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa STR. Katundu wopangidwa ku Zambia amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana salipira msonkho wolowetsera katundu, umene ambiri amangoti dyute. Koma misonkho ina monga VAT siichoka. Ngati pa lisiti lanu pali dyute, pitani pa desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono pa boda ya Mchinji, muwaonetse paketi, akuuzeni ngati mabisiketi anuwo ali pa mndandandawo. Chenjerani ndi mawu akuti "wopangidwa". Chinthu chochokera ku China kapena ku South Africa sichisanduka cha ku Zambia chifukwa choti mwachigula m'shopu ya ku Chipata. Anzathu odzera ku Dedza ndi ku Mwanza, musaiyembekezere ndondomeko ya COMESA imeneyi, Mozambique si membala.

Ndikudziwa kuti wina akumvera pano akuti, "mayiwa angodzera njira yachidule basi." Werengeraninso: anyamata a njinga mumawalipira, aliyense wokuimitsani m'njira amafuna ya fanta popanda lisiti, ndipo tsiku limene katundu walandidwa sipapita K90,000, papita K540,000 yonse, chindapusa pamwamba.

Ulendo ukubwerawu, mayi, tengani kakope. Lembani chilichonse chotuluka m'chikwama, ngakhale K500 ya kuchimbudzi, mulembenso reti ya tsikulo pamwamba pa tsamba. Mukagulitsa katoni yomaliza mutilemberenso, tidzawerengere limodzi pano. Kalata yotsatira yachokera ku Karonga, koma tiyambe tamvera uthenga uwu.