Phindu la kampani: logawidwa ndi lotsala

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ambiri mwa inu mwagulako masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ena a Airtel kapena a FDH pomwe makampaniwa analowa pamsikawu mu 2020, ena a National Bank kapena a Illovo. Mwandipempha kuti tikambe za dividendi. Funsani, ine ndiziyankha.

Mayi wina: Achimwene, ine ndalama inalowa mu akaunti mwanga kawiri chaka chatha. Kodi imeneyi ndi chiwongoladzanja?

Ayi mayi, si chiwongoladzanja. Chiwongoladzanja amalandira ndi munthu amene wabwereketsa ndalama, ndipo wobwerekayo ayenera kulipira, apindule kapena aluze. Inu simunabwereketse. Munagula kachigawo ka kampani, ndinu mmodzi mwa eni ake. Dividendi ndi gawo la phindu limene kampani yasankha kugawira eni akewo, malinga ndi kuchuluka kwa masheya a aliyense. Palibe amene anakulonjezani kuti idzabwera chaka chilichonse. Inalowa kawiri chifukwa makampani ambiri amapereka ina pakati pa chaka, imene akuluakulu a bodi amaivomereza okha, kenako yomaliza, imene eni masheya amaivomereza pa msonkhano waukulu wa pachaka.

Bambo wina: Ndiye phindu lonse amatigawira?

Kawirikawiri ayi. Ku banki m'khonde chaka chikatha mumagawana zonse, bokosi n'kutsala lopanda kanthu, kenako mumayambanso. Kampani singatero, chifukwa mawa iyenera kutsegula zitseko. Tiyeni tiyerekeze kampani yongopeka kuti tione bwino.

Kampaniyi yapeza phindu la K10 biliyoni, misonkho italipidwa kale. Masheya ake onse alipo 2 biliyoni. Ndiye kuti sheya iliyonse yapindula K5. Bodi ikuti pakati pa chaka tipereka 80 tambala pa sheya, pomaliza K1.20. Zonse pamodzi ndi K2 pa sheya, kapena K4 biliyoni kwa eni onse. Tsopano tengani yogawidwayo muigawe ndi phindu lonse: 4 kugawa ndi 10, tikupeza 40 peresenti. Nambala imeneyi ndiyo mlingo wa phindu logawidwa, ndipo m'malipoti mudzaiona italembedwa kuti `payout ratio`. Ikutanthauza kuti pa K100 iliyonse ya phindu, K40 yapita m'matumba mwa eni, K60 yatsala m'kampani.

Mayi amene ali ndi masheya 5,000 awerengera K10,000. Mu akaunti simulowa yonse, chifukwa msonkho umadulidwa ndalama isanafike kwa inu. Ngati msonkhowo ndi 10 peresenti, alandira K9,000.

Mnyamata wina: Nanga K6 biliyoni yotsalayo amadya ndani, akulu?

Funso labwino, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Ndalama imeneyo ndi yanube, koma sinafike m'manja mwanu. Imalembedwa m'mabuku ngati phindu losungidwa, pa mzere wotchedwa `Retained earnings`. Mzere umenewu si wa chaka chimodzi. Ndi mulu wa phindu lonse limene silinagawidwe kuchokera pomwe kampani inayamba. Ngati kumayambiriro kwa chaka panali K25 biliyoni, onjezani phindu la K10 biliyoni, chotsani K4 biliyoni yogawidwa, mupeza K31 biliyoni. Mukuona kuti zinthu ziwirizi zimakokerana: mlingo wogawira ukakwera, chosungidwa chimachepa.

Koma chonde musaganize kuti K31 biliyoni imeneyi ili phee ku banki. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, amafika pa msonkhano atakwiya n'kumati ndalama zonsezi mukusungiranji. Yambiri inasanduka kale makina, nyumba, katundu wa m'nkhokwe, kapena ngongole zimene makasitomala sanabweze. Kampani ikhoza kukhala ndi phindu losungidwa lalikulu koma ilibe ndalama zenizeni zolipirira dividendi. Kuti mudziwe ndalama zimene zilipodi, yang'anani tsamba la kayendedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka mu lipoti lomwelo la pachaka.

Bambo wachikulire: Mwana wanga, ine ndakalamba. Ndikufuna kampani yogawa zambiri. Ndalakwa?

Simunalakwe, bambo. Munthu amene akudalira dividendi kugulira ufa ndi mankhwala ali ndi chifukwa chomveka chofunira kampani yokhazikika, yogawa gawo lalikulu chaka ndi chaka. Chofunika n'kuona ngati kugawako kungapitirire. Tibwerere ku kampani yathu ija. Chaka chotsatira malonda avuta, phindu latsika kufika pa K3 biliyoni, koma bodi, poopa kukhumudwitsa anthu, yaperekabe K2 pa sheya, K4 biliyoni ija. Mlingo tsopano ndi 133 peresenti. Agawa zoposa zimene apeza. Phindu losungidwa latsika kuchoka pa K31 biliyoni kufika pa K30 biliyoni. Chaka chimodzi zoterezi si zoopsa, ndi ntchito inanso ya phindu losungidwa. Koma mukaona mlingo ukupitirira 100 peresenti zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, uku ngongole za kampani zikukwera, dziwani kuti dividendi imeneyo ili pafupi kudulidwa.

Mayi wina: Ndiye kampani yosunga zambiri ndiyo yabwino?

Pokhapokha ngati ndalama yosungidwayo ikubala. K6 biliyoni ija ikagula makina obweretsa K20 pa K100 iliyonse, phindu lidzakwera ndi K1.2 biliyoni pa chaka. Pamenepo ngakhale mlingo ukhalebe 40 peresenti, dividendi yanu ikula. Koma tengani malipoti a zaka zisanu muwaike pamodzi. Ngati phindu losungidwa likungokwera pomwe phindu la pachaka lili pomwepo, ndalama yanu ikugona. Ine ndimaona kuti kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa mitengo ya zinthu imakwera msanga. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kampani yogula zipangizo kunja inafunika makwacha ochuluka kuti igule katundu yemweyo, choncho kusunga gawo lalikulu kunali koyenera. Koma phindu likangokwera mofanana ndi mmene mitengo yakwerera, kapena osafikako n'komwe, kukula kwake ndi kwa papepala. Mabanki nawo ali ndi chifukwa chawo: Banki Yaikulu imafuna kuti akhale ndi mpamba wokwanira malinga ndi ngongole zimene apereka, ndiye banki imene ikufuna kubwereketsa zambiri iyenera kusunga zambiri. Muli ndi ufulu woimirira pa msonkhano wa pachaka n'kufunsa kuti ndalama imene munasunga mwagwiritsa ntchito yanji, ndipo yabweretsa zingati.

Mnyamata uja: Ndikagula masheya lero, dividendi imene alengeza ndilandira?

Zitengera tsiku. Chilengezo chilichonse chimatchula tsiku lotseka kaundula wa eni masheya, ndipo amalipidwa ndi okhawo amene mayina awo ali m'kaundulamo pa tsikulo. Dzina sililowa tsiku lomwelo mwagula, pamapita masiku angapo kuti malonda atsirizike. N'chifukwa chake chilengezo chimatchulanso tsiku limene masheya amayamba kugulitsidwa opanda dividendi. Mukagula kuyambira tsiku limenelo, ndalamayo ipita kwa amene wakugulitsani. Musanapereke ndalama, funsani broka wanu, amene amakugulirani masheya pa msika, masiku awiriwa.