Musanathamangire kukhoti la ku Hegi, onani kaye rizaveshoni

Eya, anzanga, mwaswera bwanji. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa.

Pa mayeso mukapatsidwa funso la pangano la mayiko, choyamba fufuzani ngati dzikolo linalowadi. Kusaina kokha nthawi zambiri sikukwanira, pamafunika kuvomereza ndi kupereka chikalata kwa wosunga pangano. Likatero lamangika. Gawo 26 la pangano la ku Viyena la 1969, lonjezo lisungidwe, mukulidziwa. Ndipo gawo 27 likuti dziko silinganene kuti malamulo a kwathu akutiletsa.

Ndiye chachiwiri... ayi, dikirani, apa ndi pomwe ine ndinagwa chagada pa mayeso. Ndinawerenga pangano lonse, mutu mpaka mchira, osayang'ana marizaveshoni. Rizaveshoni ndi paja dziko polowa limati zonsezi ndavomera, koma gawo ili lokha lisandikhudze. Simuipeza m'panganomo. Mumvetse, m'panganomo mulibe. Pitani pa treaties.un.org, tsikani kunsi kwa mndandanda wa mayiko, ili kumeneko.

Tengani pangano la 1948 loletsa kupulula mtundu wa anthu. Gawo 9 likuti mayiko akasemphana, nkhani ipite kukhoti la ku Hegi, khoti la UN loweruza milandu ya pakati pa mayiko. Rwanda inalowa mu 1975, koma gawo 9 inalikana. Mu 2002 Kongo, ya Kinshasa ija, inasumira Rwanda, ndipo mu 2006 khoti linati tilibe mphamvu yozenga mlanduwu. Mwina wina wasokonezeka. Sikuti Rwanda inaloledwa kupha anthu, ayi. Chiletso chinkaimangabe. Chomwe chinatsekedwa ndi khomo la khoti basi. Ndibwerezenso, khomo lokha.

Mnzanga wina tinamuchenjeza zimenezi, iye ndiye mwini nzeru, anakalemba masamba asanu a nkhanza za nkhondo ya ku Kongo, funso likufunsa za mphamvu ya khoti. Aphunzitsi anangokhwatcha mzere umodzi kuchokera pamwamba. Basi, tisiye zimenezo.

Kenaka muyese rizaveshoniyo ndi gawo 19 la pangano la ku Viyena lija. Kodi panganolo limaletsa? Ngati ayi, kodi ikugwetsa cholinga chenicheni cha pangano? Kongo inayesa njira imeneyi, khoti linati kukana gawo 9 sikugwetsa cholinga. Onaninso amene anatsutsa. Dziko likakhala chete miyezi 12 chilandirireni uthenga, limatengedwa kuti lavomera. Ndipo mpeniwo umadula konsekonse, gawo 21 la ku Viyena, Rwanda nayonso sikanatha kusumira Kongo pa gawo 9 lomwelo.

O, ndikanaiwala. Kongo inati, Rwanda inachotsa kale rizaveshoniyo ndi lamulo lake la 1995. Khoti linafunsa kuti, nanga anadziwitsa Mlembi Wamkulu wa UN, wosunga pangano? Umboni panalibe. Kuchotsa kwa kunyumba kokha sikuwerengedwa. Chikalata chochotseracho chinakafika mu 2008, mlandu utatha kale. Ndiye madeti, chonde, madeti muziwalemba pambali musanayambe kuyankha.