Ndimakuda si ndinokuda: zomwe tinakambirana ku sosaite ku Mufakose

Tatontholani pang'ono kumbuyoko, ndalama za maliro tawerenga kale, izi ndi zina. Amayi a pa mpando andipempha ndilankhulepo chifukwa cha zomwe zinachitika ku Mabvuku, muno mu Harare, sabata yatha ija, ena munamva kale, ena mukunamizira kusamva koma ndakuonani mukuseka. Mwana wathu wamkazi, sinditchula dzina, wapeza mnyamata wachizezuru, Mshona, mnyamata wabwinobwino ndithu waulemu wake, ndiye anabwera naye kunyumba kudzamuonetsa kwa agogo ake. Mnyamata uja pofuna kusangalatsa anthu anati lero ndilankhula chiyankhulo cha kwawo kwa mkazi, anatenga ndinokuda wa Chishona uja n'kungochotsa no kuikapo ma, n'kuyang'ana mtsikana pamaso pa gogo n'kunena mokweza kuti ndimakuda. Gogo anangoika kapu ya tiyi pansi n'kufunsa kuti nanga ngati umamuda wadzatani pakhomo pano? Mpaka lero gogoyo sanakhutire, akuti mwana ameneyu ananena zamumtima mwake.

Mukuseka, koma wolakwa si mnyamatayo. Wolakwa ndi mwana wathuyo amene wayenda naye miyezi isanu ndi umodzi osamuphunzitsa ngakhale liwu limodzi. Kuda pa Chishona ndi chikondi, kuda kwathu ndi chidani, mawu amodzimodzi. Ndiye chenjezo langa lero ndi limodzi ndipo ndilibwereza mpaka mutope nane: Chishona ndi Chichewa n'zapachibale koma musamusiye mnzanuyo azingoganizira yekha. Mawu ofanana aja ndi amene amagwetsa anthu.

Ndasankha mawu khumi, ndipo si ambiri, liwu limodzi pa tsiku masabata awiri asanathe mwamaliza. Loyamba ndi lomwelo, ndimakukonda. Apa zilembo sizivuta, Mshona amazitchula bwinobwino, chovuta ndi kakwezedwe ka mawu. Tamverani. Ndikakweza pa ndi, NDImakuKOnda, ndiye kuti ndimakukonda masiku onse, lero ndi mawa. Koma ndikayamba pansi n'kukweza pa ku, ndimaKUkonda, mwamva? Zasanduka zakale, ndimakukonda nthawi ija, pano kaya. Polemba n'chimodzimodzi, kusiyana kuli m'khutu basi. Nchifukwa chake ndikuti musamuphunzitse pa meseji. Mukamulembera pa foni awerenga ndi kayimbidwe ka Chishona. Khalani naye pansi, nenani inu katatu iye akungomvera, kenako anene iye, ndipo ngati n'kotheka yambani mwang'ung'udza kaye nyimbo ya liwulo opanda zilembo, kukwera kutsika, iye atsatire. Ashona nawonso chiyankhulo chawo chili ndi kukweza ndi kutsitsa, khutu ali nalo kale, sachedwa kugwira.

Lachiwiri, wokondedwa wanga, lomwe iwo amati mudiwa wangu. Apa pali dwa. Azezuru akaona w kutsogolo kwake kuli d kapena b amalowetsapo kaphokoso ka kukhosi, nchifukwa chake mumamva akuti bgino m'malo mwa bwino, bgera m'malo mwa bwera. Mankhwala ake ndi osavuta, muuzeni ayambe wanena pang'onopang'ono kuti wokondeduwa, buwino, kenako azifulumira mpaka u uja asowe yekha. Ine malemu amuna anga, anali a ku Murewa, zinawatengera chaka, ndipo akakwiya bgino ankabwereranso.

Lachitatu, mtima wanga. Iwo anena kuti mutima, chifukwa pakamwa pawo sipazolowera m woima yekha. Musamukalipire, mutima amamveka, kungoti akumveka ngati mlendo. Atseke milomo, ang'ung'udze mmm pang'ono, kenako tima. Koma chenjerani apa, moyo pa Chishona ndi mtima, pomwe kwathu moyo ndi uwu tili nawowu wopuma. Akakuuzani moyo wanga sanalakwe, n'zokoma ndithu, koma adziwe kuti wanena chinthu china chachikulu kuposa chomwe amaganiza. Mwaonanso? Musamusiye azingoganizira yekha.

Lachinayi ndi lophweka, ndakusowa. Iwo amati ndakusuwa, kusiyana ndi o yekhayo, ndiye ili mupatseni tsiku lomwe watopa kuti alimbe mtima.

Eee amayi, mwaimika dzanja, nenani.

"Ine funso langa ndi loti mawu onsewa mukuti ndimakukonda, ndakusowa, ndiye mwana wanga azimuuza mwamuna wake kuti iwe? Ife sitinaleredwe choncho."

Zikomo amayi, khalani pansi, funso limeneli ndimaliyembekezera. Zoona, ambiri a ife amayi athu sanawatchulepo bambo athu kuti iwe, ankati inu, abambo ake a uje, mpaka kumanda. Ndipo ine sindikuti zimenezo zithe. Chomwe ndikunena n'choti muphunzitse ziwiri zonse, ndipo mumuuze malo ake. Ambiri mwa mawu khumi amenewa ali ndi chovala cha kuchipinda ndi chovala cha pabwalo. Ndimakukonda, ndimakukondani. Ndakusowa, ndakusowani. Ugone, mugone. Lamulo lake ndi lalifupi, kumapeto onjezera ni, kumayambiriro u asanduke mu. Ndipo Mshona izi sizachilendo kwa iye, kwawo amati iwe ndi imi, amati ndinokudai akafuna ulemu, ndiye mungomuuza kuti i wanu uja kwathu ndi ni, wamva kale. Tsono awiriwo akakhala okha asankhe okha, ana a masiku ano amatchulana iwe ndipo sitingawaletse, sitikhala nawo m'nyumbamo. Koma pamaso pa apongozi, pamaso pa malume, pa maliro, pa chinkhoswe, ndi inu basi. Ndiponso kunena zoona mnyamata wa ku Mabvuku uja analakwa kawiri, ngakhale akananena bwino kuti ndimakukonda, mawu amenewo sanenedwa gogo ali pompo. Pamaso pa akulu chikondi chimaoneka ndi moni, mwadzuka bwanji agogo, kugwada, kulandira ndi manja awiri. Ndiye mwana wanu akamaphunzitsa mnzake amuuzenso kuti ili ndi la awiri, ili ndi la pagulu. Ine ndinaona mkamwini wina ku Tafara atauza apongozi ake aakazi kuti wakongola, iwe, chifukwa mkazi wake anangomuphunzitsa mtundu umodzi wokha, apongozi anangofunda chitenje kumutu n'kulowa m'nyumba. Mwakhutira amayi? Chabwino.

Wakongola yemweyo ndiye lachisanu. Apa pali l, ndipo mukudziwa kuti Chishona chilibe l, aliyense amasanduka r wogubuduza uja, wakongorrra. Paja ndi chifukwa chake amatitchula Mabhurandaya, Blantyre inawakanika. Muuzeni lilime ligunde kamodzi kokha kuseri kwa mano akumwamba, lisanjenjemere. Ngakhale pomwe timalemba r, ngati mu ndikhululukire, kwathu ndi kugunda kamodzi kofewa, osati kuliza njinga yamoto. Mumuchenjezenso kuti kukongola kwathu kuli pawiri, nkhope ndi ngongole, wakongola ndalama ndi nkhani ina. Akafuna chosavuta anene watchena, poti kuchena ali nako kale kwawo.

Lachisanu ndi chimodzi, ena mudabwa, ndi wadya? Inde, wadya. Amuna a kwathu ambiri sananenepo ndimakukonda moyo wawo wonse koma wadya ankafunsa tsiku lililonse, ndipo ife tinkamva. Liwuli Chishona chilinso nalo, kalembedwe komweko, koma iwo amalitchula molemera ngati wajga. Kwathu ndi lofewa, wadiya mofulumira, wadya.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kumsewu, makombi sathawa, tatsala pang'ono.

Lachisanu ndi chiwiri, ugone bwino, ndipo apa pali msampha wina wonga wa kuda uja. Kugona pa Chishona ndi kutha chinthu, kukhoza, akati wagona ndiye kuti wachita bwino, kugona kwathu iwo amati kurara. Mtsikana wina anaphikira chibwenzi chake nsima, mnyamata n'kunena kuti wagona, mtsikana n'kukwiya kuti ndagona liti ine ndakhala pamoto kuyambira masana. Ndiye ndibwerezenso, musamusiye azingoganizira yekha. Bwino uja mwamva kale mankhwala ake.

Lachisanu ndi chitatu, pepa, ndikhululukire. Pepa kwa iwo ndi pepala ndiye aseka kaye, musiyeni aseke. Koma khu uyu ndi wofunika. Kwathu k ndi kh, t ndi th, p ndi ph ndi zinthu zosiyana, kukula si kukhula, kuponya si kuphonya, pomwe Chishona sichisiyanitsa. Aike chikhatho patsogolo pa kamwa, akati khu amve mpweya ukugunda, akati ku usamveke. Mphindi ziwiri patsiku zakwana.

Lachisanu ndi chinayi, zikomo, ndathokoza. Tho wa mpweya, chikhatho chomwecho. Ndipo zi akhale zi, asaimbe likhweru ngati zvikomo, apo ndiye akunena timapiri.

Lakhumi, usadandaule ndilipo. Ma l awiri, agunde kamodzi kamodzi. Pagulu, musadandaule.

Ana inu obadwira konkuno amene mukuti Chichewa chathu chomwe n'chophotchoka tiphunzitsa bwanji munthu, agogo anu alipo, pitani mukawafunse akutchulireni, mujambule mawu awo pa foni muzikamvera nonse awiri. Ndipo lekani manyazi m'kombi, malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anachiika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, sichobisa ayi. Za mnyamata wa ku Mabvuku, amalume ake a mtsikana akuti apita naye kwa gogo Loweruka akanene pepani agogo, ndikhululukireni, ndipo ndamva kuti akuyeserera ndi chikhatho pakamwa kuntchito. Amayi a pa mpando, ndabweza kwa inu, a tiyi ayambe kugawa kuyambira mzere wa agogowo.