Mwanditumizira eseyi, nanga rubuliki ili kuti?

Takulandirani anzanga. Lero tikambe za uthenga uja umabwera usiku kwambiri, wakuti "achimwene ndichongereni eseyi iyi malinga ndi rubuliki, mundiuze ndipeza malikisi angati", ndiye mukatsegula mukupeza fayilo imodzi yokha, eseyi basi. Rubuliki kulibe, funso lomwe anapatsidwa kulibe. Nthawi zina munthuyo amakhala kuti anaiwala kuyikapo, nthawi zina fayilo inakana kupita iye osaona, koma nthawi zambiri amangoganiza kuti aliyense wodziwa kulemba akudziwanso zomwe alekichala ake akufuna. Ayi ndithu, sizitheka.

Rubuliki ndi tebulo lija aphunzitsi amachongera. Mbali imodzi kumakhala zinthu zomwe akuyang'ana, mbali inayo kumakhala kufotokoza kuti ntchito yabwino kwambiri imaoneka bwanji, yapakatikati imaoneka bwanji, yolephera imaoneka bwanji, ndipo chinthu chilichonse chimakhala ndi malikisi akeake. Alipo ena amapereka giredi imodzi atawerenga eseyi yonse osagawa, koma naonso amakhala ndi mawu omwe analemba onena kuti giredi iliyonse ikufuna chani. Ndiye malikisi sakhala mu eseyimo ayi, amatuluka mukayika eseyi pambali pa pepala limenelo.

Tiyeni tione ndi chitsanzo chongopeka, manambala ndayika pa sikirini.

(Pa sikirini: tebulo la mizere inayi)

Tinene kuti mtsikana wina walemba eseyi ya mawu 1500 yokamba za magetsi a dzuwa ndi magetsi a madzi. Wampatsa mnzake yemwe amalemba bwino kuti amuchongere, popanda rubuliki. Mnzakeyo poti alibe pogwira wangodzipangira zigawo zinayi zofanana, chilichonse pa 10. Kusanthula nkhani wampatsa 3, umboni 6, kasanjidwe ka ndime 8, chilankhulo 9. Zonse pamodzi 26 pa 40, omwe ndi 65 peresenti. Mtsikana uja wagona tulo tabwino.

Tsopano tibweretse rubuliki yeniyeni ya alekichala. Iwo kusanthula anakupatsa malikisi 50, umboni 25, kasanjidwe 15, chilankhulo 10. Sitisintha maganizo a mnzake uja ngakhale pang'ono, tingowayika mu sikelo yatsopanoyi. Zitatu pa khumi za 50 ndi 15. Zisanu ndi chimodzi pa khumi za 25 ndi 15. Kasanjidwe kakubwera 12, chilankhulo 9. Mukaphatikiza ndi 51. Eseyi yomweyo, wochonga yemweyo, maso omwewo, koma malikisi 14 apita chifukwa choti pomwe mtsikanayo ali ndi mphamvu alekichala sanayikepo kulemera, ndipo pomwe ali wofooka mpomwe pali theka la malikisi onse.

Ndipo apatu ndamukomera mtima mnzake uja, chifukwa ndayerekeza kuti anaona yekha kuti kusanthula kwachepa. Popanda funso mwina sakanaona nkomwe. Tangoganizani funso linati yerekezani njira ziwirizi ndipo munene yomwe ingathandize dera lomwe mvula ikuchepa. Mtsikanayu walemba ndime zinayi za dzuwa, momwe mapanelo amagwirira ntchito, ubwino wake, kuipa kwake, kenako ndime zinayi za madzi, damu, makina, ubwino, kuipa, mapeto. Munthu yemwe sanaone funso awerenga nkunena kuti eee koma yakonzedwa bwino, zonse zili m'malo mwake. Koma kuyerekeza mulibe. Palibe ndime yomwe yatenga chinthu chimodzi, mwachitsanzo nyengo ya chilala, nkuonetsa kuti madzi akatsika mu damu magetsi amachepa pomwe mapanelo akupitiriza masana, kenako nkutembenuka kunena kuti usiku mapanelo sapereka kanthu popanda mabatire. Palibenso pomwe wasankha mbali. Wafotokoza, pomwe anauzidwa kuyerekeza ndi kuweruza. Vuto limeneli simungalione mukuyang'ana eseyi yokha, chifukwa chomwe chalakwika ndi chinthu chomwe mulibemo, ndipo chomwe mulibe mumachidziwa pokhapokha mutaona chomwe chinapemphedwa.

Palinso tina tating'ono timene timabisala m'malangizo. Potchula mabuku omwe mwatengamo mfundo, ngati anati mugwiritse njira ya APA ndiye m'kati mwa ndime mumalemba dzina la wolemba ndi chaka, ngati anati MLA mumalemba dzina ndi nambala ya tsamba, ndiye wochonga akaona dzina ndi tsamba sangadziwe ngati mwalondola kapena mwaphonya. Chimodzimodzi mawu 1500 aja, akhoza kukhala okwana ndendende, akhozanso kukhala opitirira malire ndi 500.

Ndiye inu amene mwapemphedwa kuchonga, chonde musapeke nambala. Ndikudziwa zimavuta, mnzanu akudikira, mawa ndi tsiku lopereka, kumuuza kuti sindingathe kumaoneka ngati nkhanza, koma nambala yopeka ndi yoipa kuposa kukhala chete chifukwa munthu akamva 65 amasiya kukonza. Muuzeni mwachindunji: "chemwali, eseyi ndalandira koma rubuliki ndi funso sizinafike, tanditumizireni. Pakadali pano ndikhoza kukuuzani ngati ziganizo zikumveka, ngati ndime zikutsatana, ndi pomwe mwanena mfundo popanda umboni, koma malikisi sindipereka." Zinthu zitatu zimenezo zimaonekadi popanda rubuliki, ndipo ndi thandizo lenileni.

Inunso amene mukupempha, pali njira yodziwira kuti wokuchongerani sanagwiritse rubuliki yanu. Onani ndemanga zake. Ngati akungoti mawu oyamba ali bwino, onjezerani zitsanzo, mapeto alimbe, ndemanga zoti mukhoza kuzimata pa eseyi ina iliyonse, dziwani kuti wachongera m'mutu mwake. Yemwe ali ndi rubuliki patsogolo amalankhula ndi mawu a rubulikiyo, amati apa akufuna muunike mbali zonse ziwiri, inu mwaunika imodzi, ndiye muli mu bokosi lachitatu osati loyamba.

Potumiza, funso lipite momwe lilili, liwu ndi liwu. Musalifupikitse ndi mawu anu, chifukwa ngati munalimva molakwika mudzalifotokozanso molakwika ndipo wochongayo adzagwirizana nanu pa cholakwika chomwecho. Rubuliki ipite yonse, osati sikirinishoti yodulidwa yomwe ikuonetsa mitu yokha koma mbali ya malikisi yatsala kunja. Mutchulenso kuti muli chaka chanji, poti zomwe amayembekezera kwa wa chaka choyamba si zomwe amayembekezera kwa wa chaka chomaliza. Mukatumiza tsegulani uthengawo muone ngati mafayilo onse apitadi.

Nanga ngati alekichalawo rubuliki sanaperekedi kwa wina aliyense? Yambani mwayang'ana pepala la kosi lomwe munalandira kumayambiriro kwa temu, chifukwa kawirikawiri zimakhala m'menemo anthu osawerenga. Ngati mulibe, funsani ntchito isanaperekedwe, ndipo funso likhale lolunjika, osati "mukufuna chani" koma "aphunzitsi, malikisi a asayimentiyi agawidwa bwanji, ndipo gawo lolemera kwambiri ndi liti?" Akayankha pakamwa m'kalasi lembani pomwepo, muwawerengere zomwe mwalembazo avomereze, ndipo zimenezo ndi zomwe mutumize kwa wokuchongerani pamodzi ndi funso. Akakana kapena osayankha, chotsala ndi funso lenilenilo: dulani mzere pansi pa mneni wake, yerekezani, unikani, fotokozani, ndiye mupemphe mnzanuyo awerenge ndime iliyonse akufunsa ngati ikuchita zomwe mneniyo walamula.

Mu vidiyo yotsatira titenga eseyi ya magetsi ija, tisinthe ndime ziwiri zofotokoza zikhale imodzi yoyerekeza.