Musanatumize CV, iyikeni pambali pa chilengezo cha ntchito

Zikomo a tcheyamani. A mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, sunthirani kuno pang'ono, nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Nonse mukudziwa zimene zachitika mwezi wathawu. Bungwe lina linalengeza ntchito ya kalaliki wosunga katundu, chilengezocho chinazungulira pa mafoni, ndipo ana athu ambiri analembera. Makolo munatulutsa ndalama ya fotokope, ya envelopu, ya minibasi yopita kutauni. Mayina atatuluka, wa kwathu kuno panalibe ndi mmodzi yemwe, ndiye pachitsime ndi pamsika nkhani yangokhala yoti ntchitoyo inali ndi mwini wake kale. Ine ndakhalapo pa gulu losankha anthu ofunsira ntchito, ndiye ndinapempha achinyamata angapo kuti andionetse zimene anatumiza. Zimene ndinaona zinandimvetsa chisoni, chifukwa ena mwa iwo ntchitoyo amaiyenera ndithu, koma mapepala awo sananene zimenezo.

Ndiyambe ndi mmene timasankhira. Makalata akafika, sitiyamba ndi kuwerenga mbiri ya munthu ayi. Timatenga chilengezo chija, chilichonse chimene chinalembedwa kuti chikufunika timachipatsa danga lake papepala, mayina a ofunsira n'kuwandandalika m'munsi. Kenako timatenga CV imodziimodzi n'kumafunsa kuti ichi chilipo? Chonga. Ichi chilipo? Palibe, ikani pambali. Wosankhayo sakukudziwani, sadziwa kuti ndinu wolimbikira, sadziwa kuti kutchalitchi ndinu msungichuma. Akuona pepala basi. Ndiye mawu amene ndikufuna mupite nawo ndi awa: chimene simungachiloze ndi chala pa CV yanu, kwa wosankha kulibe.

Chilengezo chija ndili nacho pano. Chinkafuna zinthu zisanu. MSCE yokhala ndi kirediti pa Chingerezi ndi masamu. Satifiketi ya maphunziro osunga katundu. Kukhala utagwirapo ntchito yotere zaka zosachepera ziwiri. Kudziwa Excel pa kompyuta. Chachisanu, laisensi ya njinga yamoto. Tsopano zisanuzi sizilemera mofanana. Pa zinayi zoyambazo panalembedwa "must have", kutanthauza kuti popanda zimenezi musavutike. Pa laisensi panalembedwa "added advantage", ndiye kuti ukakhala nayo umaposa mnzako amene mwafanana pa zina zonse, koma ukapanda sakutaya. Pali mnyamata wina kuno amene anali ndi zinayi zonse zija, sanalembere n'komwe chifukwa alibe laisensi. Pomwe ena anali ndi laisensi yokhayo, analembera mothamanga. Mwaona mmene zinatembenukira?

Ndikuuzeni za mtsikana wina, wandilola kuti ndinene koma dzina sinditchula. Tinakhala pakhonde, chilengezo uku, CV yake uku, cholembera m'manja. Ndinati mwanangu, ndilozere kirediti ya masamu. Analoza pamene analemba kuti MSCE, 2019. Ndinati ayi, pamenepo pakungonena kuti unakhoza mayeso, koma kirediti ya masamu ili pati? Anathamangira m'nyumba kukatenga satifiketi: Chingerezi 4, masamu 5. Zonse ndi makirediti, chifukwa pa MSCE 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Mwanayo anali nazo, koma pa CV sanazilembe, ndipo fotokope ya satifiketi imene anatumiza inali yakuda moti manambala samaoneka. Wosankha amene ali ndi mulu wa makalata patebulo sakuimbirani foni kuti akufunseni kuti masamu munapeza chiyani.

Tinafika pa zaka ziwiri zija, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Iye analemba mzere umodzi wokha, kuti anagwirapo ntchito mu shopu ya zipangizo zomangira. Analibe mwezi woyambira, analibe mwezi wolekera, sananene kuti ankachita chiyani. Nditamufunsa, anati anayamba Febuluwale 2022 n'kuleka Ogasiti 2023. Tinawerenga ndi zala, miyezi 19. Zaka ziwiri ndi miyezi 24, ndiye ikuperewera isanu. Ndinati palibenso kwina kumene unagwirako? Anati, aa, kunali kaganyu chabe ku kopaletivi ya alimi nthawi yokolola. Kaganyu kotani? Ankayeza matumba a chimanga ndi soya pasikelo, kulemba m'buku olowa ndi otuluka, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2024. Amayi, imeneyo si ntchito yosunga katundu? Ndi yomweyo. Miyezi isanu ndi umodzi. Kuphatikiza ndi 19 ija ikukwana 25. Mwanayu zaka ziwiri anali nazo, n'kupitirira ndi mwezi, koma anazisiya kunyumba chifukwa ankachita manyazi ndi mawu oti ganyu.

Komanso mu shopu muja ankalandira katundu kuchokera pa lole, kuwerenga ngati akugwirizana ndi pepala lobwera nalo, kulemba pa khadi la katundu aliyense, ndi kuwerenga zonse zotsala kumapeto kwa mwezi. Zimenezi ndi zomwe chilengezo chinalemba kuti ndi ntchito za kalalikiyo. Iye anangoti ndinkagwira mu shopu, ndiye wowerenga amaganiza kuti ankangogulitsa misomali pa kauntala. M'malo mwake theka la tsamba analidzaza ndi mtundu wake, mpingo wake, mfumu yayikulu ya kwawo, ndi zoti amakonda kuimba ndi kuonera mpira. Ana inu, ndani anakufunsani za mpira? Ndikudziwa kumene mumazitenga. Mumapita pamalo otayipira paja, amakutsegulirani CV ya munthu wina, n'kungosintha dzina. Ndaonapo ma CV atatu ochokera dera limodzi onse okonda kuwerenga mabuku ndi kucheza ndi anthu, mawu ake ofanana mpaka polakwika pomwe. Ndibwerezenso: chimene simungachiloze ndi chala pa CV yanu, kwa wosankha kulibe.

Eya, achimwene kumbuyoko, mwakweza dzanja.

"Pepani mayi, ine ndiye ndili ndi 7 pa masamu, koma ntchito ya katundu ndaigwira zaka zinayi, ndingawaphunzitse ngakhale a kirediti aja. Ndiye ndisalembere? Komanso tinene zoona, ntchito masiku ano amapatsana pachibale."

Mwafunsa bwino, ndipo musakhale pansi ndi mtima wowawa. Za chibale ndi katangale sindikana, zilipo, ndaziona. Koma taonani, ngakhale pamene palibe chinyengo chilichonse, CV imene sikuonetsa zofunika imagwa pa chisankho choyamba, ndiye mumaloza katangale pamene sanafike n'komwe. Tiyambe takonza mbali yathu.

Tsopano za 7 wanuyo. Ndi pasi, si kirediti. Ngati chilengezo chanena kuti kirediti ya masamu ndi yofunika ndithu, ndipo ndi boma kapena bungwe lalikulu, nthawi zambiri sangakudutsitseni ngakhale atakukondani, chifukwa amene asankha amasayina pepala lija, ndipo tsiku lina wina adzawafunsa chifukwa chimene anatengera munthu wosakwanira n'kusiya wokwanira. Pamenepo sungani ndalama yanu ya fotokope. Koma kwa mwini bizinesi amene akufuna munthu wa m'nyumba yake ya katundu, amene asankha yekha, zaka zanu zinayi zikhoza kulemera kuposa masamu. Kumeneko lemberani, zaka zinayizo muziike pamwamba, ndi miyezi yake, ndi zimene munkachita. Werenganinso bwino chilengezo, chifukwa zina zimati satifiketi yakutiyakuti kapena zaka zakutizakuti. Kamawu koti "or" kameneko kamatsegula khomo, pomwe "and" akutanthauza kuti zonse ziwiri zikhalepo.

Chimene ndikukuletsani, achimwene, ndi inu nonse, ndi kukonza 7 uja kuti aoneke ngati 4 pa fotokope. Musayerekeze. Pa intavyu amafuna satifiketi yeniyeni, ndipo olemba ntchito akhoza kukafunsa ku MANEB. Ukagwidwa, ntchito yatha, dzina laipa, ndipo ndi mlandu wa kupolisi. Ngati masamu ndi amene akukutsekerani makomo chaka ndi chaka, kalembetseni mulembenso mayeso ngati wophunzira wapadera. Pali akuluakulu a ndevu zawo amene achita zimenezo. Ndipo wina akakuimbirani foni kuti tumizani ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba. Ntchito yeniyeni salipiritsa munthu kuti aitanidwe ku intavyu.

Ndikuona amayi ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiye ndithamange. Mukaona chilengezo, tengani pepala, lembani mzere pakati. Kumanzere lembani chofunika chilichonse pachokha, ngakhale chimene chabisala m'ndime yofotokoza ntchito. Zokakamiza zilembeni mzere kunsi. Kumanja lembani pamene chinthucho chili pa CV yanu, tsamba lake ndi mzere wake. Pamene muli nacho koma simunalembe, konzani CV, gwiritsani ntchito mawu amene chilengezo chagwiritsa ngati ndi zoona kuti munachita. Pamene mulibe ndipo n'chokakamiza, imani kaye muganize ngati n'koyenera kuwononga ndalama. Miyezi muwerenge, musangoyerekeza. Excel musalembe kuti mumaidziwa ngati munangoiona kwa mnzanu, chifukwa amakukhazikani pa kompyuta tsiku lomwelo. Laisensi muone ngati sinathe. Akati anthu atatu okuchitirani umboni, akhale atatu, manambala awo akhale ogwira, ndipo muwauze, asadzadabwe poimbiridwa. Malume anu si mboni ya ntchito. Akati mafotokope otsimikizidwa, kadinditseni. Muone tsiku lotsekera ndi njira imene anena, ngati ndi imelo kapena envelopu, ndi zimene akuti mulembe pamwamba pake. Mukamaliza mupatse munthu wina mapepala onse awiri, iye aziwerenga chofunika, inu muziloza ndi chala. Pamene chala chasowa poloza, musatumize kaye.

Amene mwabwera ndi ma CV anu musachoke, tikhala pansi pa mtengo apo tione awiri kapena atatu. Ena mubwere nawo Loweruka, pamodzi ndi chilengezo chimene mukufuna kulembera, musabwere ndi CV yokha. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.