Amene anagwira chingwe usiku

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Machitidwe 9:25. Usiku uja ku Damasiko, adani atadikirira pazipata kuti aphe Saulo, ophunzira anamulowetsa mumtanga n'kumutsitsira kunja kwa linga. Amene anali mumtangamo tonse timamudziwa. Koma amene anagwira chingwe, manja akuwawa, kunja kuli mdima, palibe ndi mmodzi yemwe amene analembedwa dzina. Dzuwa lisanalowe lero, thokozani munthu amene anakugwirirani chingwe, ngakhale simukumudziwa.

Sabata ino mng'ono wanga anataya magazi ambiri pobereka, mpaka milomo ndi zikhatho zinachita kuyera mbuu. Atamuika magazi, ine ndinakhala pambali pa bedi, maso ali pa thumba lija likudontha pang'onopang'ono. Pa thumbapo panalembedwa gulu la magazi, nambala yaitali ndi tsiku lotha mphamvu. Dzina panalibe. Nditafunsa anamwino kuti kodi mwini magaziwa ndani, anandiyankha mofatsa kuti, "Amayi, nafenso sitimudziwa. Zimenezo zimasungidwa mwachinsinsi."

Taganizani manja amene anali pa chingwe chimenecho. Wina anasiya ntchito zake, n'kulola singano pamkono, n'kupereka magazi pafupifupi mamililita 450 kwa munthu amene sadzamuona. Wina anawayeza ngati alibe HIV, chindoko kapena matenda a chiwindi. Wina anaonetsetsa kuti furiji isazime. Winanso, pakati pa usiku, anayeza ngati akugwirizana ndi a mng'ono wanga. Mmodzi yekha akanataya chingwe, bwenzi lero tikukamba zina.

Mtima wanga wakhala wolemedwa, chifukwa zikomo ndili naye koma pomutula palibe. Apa ndi pamene ambirife timangoti, "Mulungu ndiye akudziwa," n'kukhala chete. Zoona akudziwa. Koma abale, nthawi zina mawu amenewa timangobisalamo. Tatsika mumtanga, mapazi aponda pansi, basi tathamanga osacheukanso kumwamba kwa linga.

Dzina likasowa, tchulani ntchito. "Zikomo nonse amene munathandiza" imangodutsa, palibe amene amaiona ngati yake. Koma mukanena chimene chinachitika ndi chimene chinatulukapo, mwini wake amadzizindikira yekha. Ine ndinalemba pa kapepala motere: "Kwa inu amene munapereka magazi, inu amene munawayeza, ndi inu amene munachezera usiku wa Lachiwiri: mayi amene munamuthandiza wadzuka, akuyamwitsa mwana wake. Mayina anu sitikuwadziwa, koma pakhomo pathu tikukupemphererani." Kapepalako ndinapatsa mkulu wa anamwino kuti akawerengere anzake pamene akusinthana ntchito. Wopereka magazi uja mwina sadzakamva, koma ena amene anagwira naye chingwe amva.

Likakhala gulu, chenjerani ndi mayina. Pa maliro kapena pa matenda timakonda kutchula atatu amene tikuwadziwa, kawirikawiri atsogoleri ndi amene anapereka zambiri. Uja anatunga madzi m'bandakucha amamvetsera mpaka kumapeto, osamva chilichonse chomukhudza, n'kubwerera kwawo mtima utasweka. Paulo yemweyo, amene kale anali mumtanga, popereka moni pa Aroma 16:14-15 atatchula mayina anawonjezera abale ndi oyera mtima onse amene anali nawo pamodzi. Mukatchula ena, tsegulani khomo kuti otsalawo alowe: amene anaphika, amene anachezera, amene anasonkha mwakachetechete. Mukaona kuti muiwala wina, siyani mayina onse, tchulani ntchito zokhazokha. Ndipo musathokoze wonyamula uthenga yekha ngati kuti chingwe anagwira yekha. Mupempheni kuti akafikitse mawuwo kwa onse.

Wina akabisala dala, musamusakesake. Ambuye anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo munthu amene wamvera mawu amenewa si bwino kumukokera poyera. Siyani zikomo wanu pamene angamupeze, kwa amene anabweretsa thandizolo kapena pamaso pa gulu lonse, ndipo musachedwe, nkhani ikadali m'mitima ya anthu.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu mukumudziwa amene magazi ake akuyenda m'thupi la mng'ono wanga. Mudalitseni, pamodzi ndi onse amene anagwira ntchito usiku umene uja. Tsiku limene iwo adzakhale pamavuto, musawasowetse owathandiza. Ndipo ife mutipatse pakamwa pothokoza lero lomwe. M'dzina la Yesu, Ameni.